Mafunso ndi mayankho: kukonza masilaidi a ziphunzitso za chidwi cha ophunzira

Chaka chilichonse, a lekichara akangogawa ntchito ya pulezenteshoni pa phunziro la saikoloje ya maphunziro, gulu lathu la Amalawi amene tikuphunzira zauphunzitsi kuno ku Joni limadzaza ndi mafunso amodzimodzi. Ena amafunsa ali mu takisi kuchokera ku Parktown, ena pakati pa usiku atangoweruka ku ganyu. Ndasonkhanitsa amene amabwera kawirikawiri, ndipo ndayankha ngati munthu amene ntchitoyi anaichitapo, n'kuilakwitsa, n'kudzaikonza. Ndikuganizira pulezenteshoni ya mphindi 10 pamaso pa anzanu ophunzira zauphunzitsi. Ngati anakupatsani nthawi ina, musinthe mawerengedwewo.

Kodi akamati ziphunzitso za motiveshoni akutanthauza chiyani kwenikweni?

Akutanthauza mayankho osiyanasiyana amene akatswiri anapereka pa funso limodzi: n'chiyani chimamuchititsa munthu kuyamba ntchito, kuikapo khama, ndi kupitiriza zikafika povuta? M'kalasi funsoli limakhala lakuti, bwanji mwana uyu akulemba pomwe mnzake wangogoneka mutu pa desiki? M'Chichewa tilibe liwu limodzi lokwana zonsezi. Nthawi zina ndi chidwi, nthawi zina khama, nthawi zina chilimbikitso. Pano ndizigwiritsa ntchito kwambiri liwu lakuti chidwi.

Gwiritsitsani mfundo yoti funso ndi limodzi, mayankho ndiwo ambiri. Masilaidi anu onse aima pamenepo.

Ziphunzitsozi zilipo zambiri m'buku. Ndiike zingati?

Zinayi pa mphindi 10. Chiphunzitso chimodzi chimafuna mphindi imodzi ndi theka kuti muchitchule, muchifotokoze ndi kuchionetsa pa mwana weniweni. Mukaika zisanu ndi zitatu, chilichonse chipeza masekondi osakwana 60, ndipo mudzangowerenga mayina ndi zaka ngati mukuitana mayina a m'kaundula.

Zinayi zimene ine ndimasankha ndi za Abraham Maslow, B. F. Skinner, Edward Deci ndi Richard Ryan, ndi Albert Bandura. Sikuti ndi zokhazo zabwino, koma chilichonse chimayang'ana mbali yakeyake. Maslow amayang'ana zimene mwana akusowa. Skinner amayang'ana zimene zimachitika mwana akangochita kanthu. Deci ndi Ryan amafunsa ngati mwanayo akuchita mofuna yekha kapena mokankhidwa. Bandura amafunsa ngati mwanayo akukhulupirira kuti angathe. Zikasiyana chonchi mumakhala ndi choyerekeza. Ngati a lekichara anatchula mayina awo pa pepala la ntchito, tsatirani amenewo, chifukwa malikisi ali pamenepo.

Nanga Herzberg? Aliyense amamuika.

Amamuika chifukwa amapezeka pafupi ndi Maslow m'mabuku a kayendetsedwe ka ntchito. Koma chiphunzitso cha Frederick Herzberg cha 1959 chinachokera pofunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 a ku Pittsburgh za ntchito zawo. Chimati zinthu monga malipiro ndi malo ogwirira ntchito zikaipa munthu amadandaula, koma zikakonzedwa sindiye kuti akhala ndi chidwi. Chidwi chimachokera ku ntchito yeniyeniyo, ku udindo ndi kuyamikiridwa. Zimenezi zimafotokoza bwino za aphunzitsi, osati kwenikweni za ana a giredi 8. Ngati mutu wanu ukukhudza chidwi cha aphunzitsi, muikeni. Ngati ndi cha ophunzira, malo ake apatseni Bernard Weiner, amene anafufuza zifukwa zimene munthu amadzipatsa akakhoza kapena akalephera: nzeru, khama, kuvuta kwa ntchito, kapena mwayi.

Ndiyambire pati? Ndatsegula PowerPoint koma ndikungoyang'ana.

Itsekeni kaye. Tengani pepala, ndipo muyambe ndi mwana mmodzi amene munamuona pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndiye ndichedwapo.

Pulezenteshoni yanga yoyamba inali ndi masilaidi 19. Iliyonse inali ndi chithunzi cha mzungu wokalamba, chaka chobadwa, ndi mizere isanu ndi umodzi yokopera m'buku. Pofika silaidi yachisanu anzanga anali pa mafoni, ndipo mlongo wina amene timachokera limodzi ku Dedza anandiuza potuluka kuti, "Achimwene, mwawerenga bwino, koma sindinamve kuti mawa m'kalasi ndikatani." Mawu amenewo anandipweteka chifukwa anali oona.

Ulendo wachiwiri ndinayamba ndi mnyamata wa giredi 8 amene ndinamuphunzitsa masamu pa sukulu ina kum'mwera kwa tawuni. Anabwera kuchokera kumudzi zaka ziwiri m'mbuyomo, amakhala ndi azakhali ake, amafika mochedwa, amakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, ndipo kope lake la masamu linali ndi madeti okhaokha popanda ntchito. Mukamufunsa funso amangoti sadziwa, maso ali pansi. Koma Loweruka lina ndinamupeza pa tebulo la azakhali ake akugulitsa tomato ndi anyezi, akubweza chenji cha R100 pamtima, mofulumira kuposa ine, osaphonya ngakhale kamodzi.

Nkhani imeneyo inakhala silaidi yachiwiri, ndi funso limodzi pansi pake: n'chifukwa chiyani mwana wodziwa kuwerengera chenji salemba masamu m'kalasi? Kenako chiphunzitso chilichonse chinabwera kudzayankha funso lomwelo. Anzanga anasiya mafoni chifukwa aliyense anali ndi mwana wotere m'kalasi mwake.

Dzina la mwanayo, la sukulu, kapena chithunzi chake musaike. Sinthaninso zina ndi zina zoti angadziwike nazo. Amalawi kuno timadziwana kwambiri, ndipo m'chipindamo mukhoza kukhala wina wopemphera mpingo umodzi ndi azakhali akewo.

Masilaidi akhale angati, ndipo atsatane bwanji?

Asanu ndi atatu oyankhulapo, kuwonjezapo imodzi ya mabuku amene mwagwiritsa ntchito, yomwe simuiwerenga. Yoyamba ndi ya mutu ndi mayina a gulu lanu, masekondi 20 basi. Yachiwiri ndi ya mwana uja, mphindi imodzi. Zinayi zotsatira ndi za ziphunzitso, mphindi imodzi ndi theka iliyonse, zonse pamodzi mphindi 6. Yachisanu ndi chiwiri ndi tebulo loyerekeza, mphindi imodzi ndi theka. Yachisanu ndi chitatu ndi ya zimene mungachite Lolemba ndi mwanayo, mphindi imodzi. Mukaphatikiza mupeza kuti mphindi 10 zangotsala pang'ono kukwana, choncho palibe malo a silaidi ya "zimene tikambirane" kapena ya mbiri ya moyo wa akatswiriwo.

Pa silaidi ya chiphunzitso ndilembepo chiyani?

Zinthu zitatu: mutu wonena mfundo, mawu ofunika a chiphunzitsocho, ndi mzere umodzi wobwerera kwa mwana uja. Mutu usakhale dzina lokha. "Maslow" si mutu. "Mwana wanjala ndi wamantha samva masamu" ndiye mutu, ndipo dzina la Maslow ndi chaka cha 1943 zikhale pansi pake m'zilembo zocheperapo. Munthu amene wangoyang'ana mitu yokha ya masilaidi anu azitha kuitsata nkhani yonse.

Mawu a pa silaidi asapitirire 25 kapena 30. Zina zonse zipite m'bokosi la `Notes` lomwe lili pansi pa silaidi, limene mumaliona inu nokha. Popeza kalasi ndi ya Chingerezi, mawu enieni a akatswiri muwalembe monga alili m'buku, chifukwa ndi amene anzanu adzakumane nawo pa mayeso. Koma musanalembe, yesani kufotokoza chiphunzitsocho m'Chichewa kwa munthu wa kunyumba amene sanaphunzire zimenezi. Mukakanika m'Chichewa, ndiye kuti simunachimvetse, mwangoloweza.

Kodi piramidi ya Maslow ndiike?

Ikani, chifukwa anzanu amaidziwa ndipo imathandiza kukumbukira magawo asanu aja: zofuna za thupi, chitetezo, chikondi ndi kulandiridwa, ulemu, ndi kufika pamene munthu angathe kufika. Koma nenani zinthu ziwiri zimene ambiri amaziphonya. Choyamba, m'nkhani yake ya 1943 Maslow sanajambule piramidi. Anaijambula ena pambuyo pake. Chachiwiri, iye sananene kuti gawo lapansi liyenera kukwana kotheratu munthu asanayambe kufuna lapamwamba. Analemba momveka kuti anthu ambiri amakhala okhutira pang'ono ndi osakhutira pang'ono pa magawo onse nthawi imodzi.

Kwa mnyamata wanga, Maslow amatiuza kuti tifunse ngati wadya m'mawa, ngati njira yobwera kusukulu ndi yotetezeka, komanso ngati anzake amamulandira kapena amamuseka chifukwa cha kayankhulidwe kake. Apa mukhoza kutchula chakudya chimene boma la South Africa limapereka m'sukulu za m'madera osauka, ndi phala la m'sukulu za kwathu. Malire ake muwanenenso: tonsefe tikudziwa ana amene ankapita kusukulu ndi njala, opanda nsapato, koma n'kumakhoza. Maslow yekha sangawafotokoze bwino ana amenewo, n'chifukwa chake pali masilaidi ena atatu.

Pa Skinner ndimasokoneza chilango ndi chilimbikitso chochotsa. Zimasiyana bwanji?

Apa ndi pamene magulu ambiri amatayira malikisi. Pa silaidi mudzalemba `negative reinforcement`, ndipo theka la kalasi lidzaganiza kuti ndi chilango. Si chilango. Funso loyamba likhale lakuti, kodi khalidwelo likuchuluka kapena likuchepa? Likamachuluka, chimenecho ndi chilimbikitso. Likamachepa, ndi chilango. Funso lachiwiri ndi lakuti, kodi pawonjezedwa kanthu kapena pachotsedwa kanthu? Chilimbikitso chochotsa ndi pamene khalidwe likuchuluka chifukwa chinthu chosasangalatsa chachoka.

Onani mnyamata uja. Mphunzitsi akamuloza, mtima umagunda, anzake amatembenuka kumuyang'ana. Iye amati "sindikudziwa", mphunzitsi n'kupita kwa wina, maso onse n'kumuchoka. Chosasangalatsa chachoka, ndiye mawa adzanenanso "sindikudziwa" mofulumira kuposa lero. Mphunzitsi wamuphunzitsa yekha kuthawa, osadziwa. Nditafotokoza chonchi m'kalasi, munthu wina anati "aa!" mokweza, chifukwa anazindikira kuti ndi zimene iye ankachita masabata onse a kuyeserera.

Chitsanzo chimodzi chotere chimaposa tebulo la mabokosi anayi ochokera pa mafunso awiri aja. Ngati a lekichara akufuna mabokosi anayiwo, aikeni pa pepala logawa.

Ndinamva kuti mphatso zimapha chidwi cha ana. Ndinene choncho pa silaidi ya Deci ndi Ryan?

Osanena mwachidule chotero, chifukwa mukhala mutapitirira zimene kafukufuku anapeza. Kafukufuku wodziwika ndi wa Lepper, Greene ndi Nisbett wa 1973. Anatenga ana a sukulu ya mkaka amene ankakonda kale kujambula, n'kuwagawa patatu. Ena anawalonjeza satifiketi akajambula, ena anawapatsa satifiketiyo mosayembekezera atamaliza, ena sanawapatse kanthu. Patapita masiku, amene analonjezedwa aja ankajambula mwa kufuna kwawo nthawi yochepa, pafupifupi theka la anzawo. Amene analandira mosayembekezera chidwi chawo sichinatsike.

Choncho mfundo yoona ndi yopapatiza: mphatso yogwirika, yolonjezedwa kale, pa ntchito imene mwana amaikonda kale, ikhoza kuchepetsa chidwi chake. Mwana amene alibiretu chidwi pa ntchitoyo palibe choti mphatso iphe.

Pa silaidi ikani zofuna zitatu za chiphunzitso chawo, chomwe Deci ndi Ryan anachilongosola m'buku la 1985. Pa sikirini zidzalembedwa `autonomy`, `competence` ndi `relatedness`, kutanthauza kumva kuti ukuchita mwa kusankha kwako, kumva kuti ukutha, ndi kumva kuti uli ndi anthu okusamala. Tsono yerekezani malo awiri a mnyamata uja. Pa tebulo la tomato amasankha yekha kawerengedwe, amaona pompopompo kuti chenji chakwana, ndipo azakhali amamudalira. Zonse zitatu zilipo. M'kalasi amauzidwa njira imodzi yolembera, m'chinenero chimene akuchiphunzira kumene, pakati pa anthu amene dzina lake amalitchula molakwika. Silaidi imeneyi ndi imene ine ndimaipatsa masekondi owonjezera ngati ndapulumutsa kwina.

Nanga za Bandura si kungodzikhulupirira basi?

Ayi. Chimene Bandura anachitcha `self-efficacy` m'nkhani yake ya 1977 si kudziona wofunika kapena kudzikonda. Ndi chikhulupiriro choti ntchito yakutiyakuti ndingaithe. Chimamatirira pa ntchito, osati pa munthu yense. N'chifukwa chake mwana mmodzi yemweyo akhoza kukhala nacho chachikulu pa chenji, chochepa pa masamu a m'buku.

Bandura anatchula magwero anayi: kukhoza kwa iwe mwini m'mbuyomu, kuona wina wofanana nawe akukhoza, mawu olimbikitsa ochokera kwa ena, ndi mmene thupi likumvera, monga mantha ndi kugunda kwa mtima. Lamphamvu koposa ndi loyambalo. Ichi n'chofunika kuchinena kwa aphunzitsi anzanu, chifukwa ambirife timathamangira lachitatu. Timati "ungathe, limba mtima", pomwe mwanayo ali ndi zaka ziwiri za mitanda yofiira zomuuza zina. Chimene chingamusinthe ndi funso limene angalikhoze lero, lotsatira lovutirapo pang'ono, ndipo iye aone yekha kuti wakhoza.

Tebulo loyerekeza likhale lotani?

Mizere inayi, ya ziphunzitso zinayi zija, ndi magawo atatu: funso limene chiphunzitso chimafunsa, chimene chikuona mwa mwana wathu, ndi chimene sichifotokoza. Gwiritsani ntchito `Insert` kenako `Table`, ndipo m'bokosi lililonse musapitirire mawu asanu kapena asanu ndi limodzi. Gawo lachitatu ndi limene limasiyanitsa wophunzira amene waganiza ndi amene wakopera. Mwachitsanzo, Skinner safotokoza za mumtima mwa mwana, ndipo Bandura satiuza chifukwa chake mwana wodziwa kuti angathe nthawi zina safunabe.

Musaliwerenge bokosi ndi bokosi. Lozani pamene ziphunzitso ziwiri zikutsutsana, monga Skinner ndi Deci pa nkhani ya mphatso, munene mbali imene inu mukuima ndi chifukwa chake.

Silaidi yomaliza ndilembe "zikomo"?

Zikomo munene pakamwa. Silaidi yomaliza imakhala pa sikirini nthawi yonse ya mafunso, choncho ikhale ndi zimene mungachite Lolemba. Kwa mnyamata wanga ndinalemba zitatu. Kumufunsa payekha za m'mawa wake ndisanamukalipire za kuchedwa. Kusiya kumudumpha akati sadziwa, koma kumupatsa funso laling'ono ndi nthawi yoganiza. Kuyamba phunziro la maperesenti ndi mitengo ya tomato, iye n'kuonetsa anzake mmene amawerengera. Pambali pa chilichonse ndinaika dzina la katswiri amene chachokera kwa iye.

Wina akakufunsani ngati zinathandiza, nenani zoona. Ine ndinali ndi masabata ochepa pa sukuluyo. Ndinamuona akuyankha kawiri pa phunziro la maperesenti, koma kope lake la homuweki linali lopanda kanthu mpaka tsiku limene ndinachoka.

Za maonekedwe: zilembo, mitundu, zithunzi?

Zilembo za mutu zikhale pa 32 kapena kuposa, zina zonse zisatsike pa 24. Zilembo zakuda pa malo oyera zimaoneka ngakhale pulojekita itatopa kapena makatani atakana kutseka. Zofiira pa zobiriwira musayese, chifukwa anthu ena mitundu imeneyi saisiyanitsa. Zithunzi za nkhope za akatswiri sizithandiza kanthu. Zilembo zouluka ndi zozungulira zisiyeni. Kuti mudziwe ngati zikuwerengeka, ikani silaidi pa sikirini yonse ya laputopu n'kubwerera m'mbuyo mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi. Chimene simukuchiona bwino, wa kumbuyo kwa holo sadzachionanso.

Tili anayi m'gulu ndipo timakhala motalikirana. Tigawane bwanji?

Wina ali ku Rosettenville, wina ku Tembisa, wina amagwira ntchito usiku, ndiye chimene chimachitika n'chakuti aliyense amatenga katswiri wake, n'kudzalumikiza masilaidi m'mawa wa tsikulo pa khomo la kalasi. Zotsatira zake ndi mapulezenteshoni anayi osadziwana. Gwirizanani kaye za mwana mmodzi ndi funso limodzi, ngakhale pa foni, musanagawane akatswiri. Gwiritsani ntchito fayilo imodzi ya Google Slides kuti aliyense aziona za mnzake, ndipo munthu mmodzi akhale woyang'anira zilembo ndi mitundu. Tebulo loyerekeza mulilembe nonse pamodzi, chifukwa mafunso a a lekichara amagwera aliyense, osati mwini silaidi yekha.

Ndikayeserera ndekha nthawi imakwana, koma m'kalasi imandithera. Chimalakwika n'chiyani?

Mumayeserera mumtima. Kuwerenga chamumtima kumathamanga kuposa kuyankhula, makamaka m'chinenero chachiwiri pamaso pa anthu. Imirirani, yankhulani mokweza, foni ikuwerenga nthawi, kawiri kapena katatu. Mukamaliza pa mphindi 9 kunyumba, m'kalasi mudzamaliza pa 10. Lembani mu `Notes` ya silaidi yachisanu ndi chiwiri nthawi imene muyenera kukhala mutafikapo, pafupifupi mphindi 7 ndi theka. Mukafika mochedwa, fupikitsani tebulo, osati silaidi yomaliza.

Tsikulo pulojekita ikakana kapena magetsi akazima ndidzatani?

Sungani fayilo m'njira ziwiri, ya PowerPoint ndi ya PDF, pa fulashi komanso mudzitumizire pa imelo. PDF sisintha zilembo mukaitsegula pa kompyuta ina. Pitani m'chipindamo tsiku lisanafike mukaone ngati chingwe ndi cha HDMI kapena cha VGA, chifukwa malaputopu ambiri atsopano alibe polowetsa VGA. Chithunzi chikapanda kutuluka, dinani `Windows + P` n'kusankha `Duplicate`, kapena `Extend` ngati mukufuna kuti `Notes` muziona nokha. `F5` imayambitsa pa silaidi yoyamba, `Shift + F5` pa imene mwaimapo, ndipo `B` imadetsa sikirini mukafuna kuti anthu ayang'ane inu, monga pamene mukusimba nkhani ya mwana uja.

Za magetsi, sindikizani tebulo loyerekeza lija pa pepala limodzi, makope okwana kuti anthu awiri aziona limodzi, ndi kope limodzi la masilaidi onse la inu mwini. Mashopu osindikiza a ku Braamfontein amadzaza m'mawa, ndiye chitani zimenezi dzulo lake. Magetsi akazima, simbani nkhani ya mwanayo pakamwa, lembani funso lija pa bolodi ndi mayina anayi pansi pake, gawani mapepala, n'kupitiriza ndi Maslow.